Kawerengedwe ka malita a penti, maburashi ndi masiku a amisiri popentanso nyumba mkati ndi kunja

Eni nyumba ambiri mu Blantyre akafuna kupenta amawerenga zipinda, nkunena kuti nyumba ya zipinda zitatu zogona imafuna ndowa zakutizakuti, ndipo mapeto ake penti amatha khoma lakumbuyo lisanakhudzidwe, kapena ndowa yathunthu imatsala nkumauma m'sitolo. Penti samwedwa ndi chipinda, amamwedwa ndi khoma, ndipo makoma awiri ofanana kukula akhoza kumwa mosiyana kwambiri malinga ndi pulasitala wake. Malangizo awa akutsata nyumba imodzi ya chitsanzo, yofanana ndi nyumba zambiri za ku Chilomoni, Machinjiri kapena Chimwankhunda: mamita 12 mulitali, mamita 8 mulifupi, yofolera ndi malata, yokhala ndi siling'i, ndipo inapentedwapo kale.

## Zofunika musanayambe kuwerengera

- Tepi yoyezera yosachepera mamita 5, koma ya mamita 8 imafulumiza ntchito ya kunja.
- Kope ndi cholembera, kuti chipinda chilichonse chikhale ndi mzere wake, komanso foni yowerengera masamu.
- Sikirepa imodzi, kansalu, ndi kabotolo ka sipiriti, zoyesera penti wakale amene ali pakhoma.
- Makwerero ndi munthu wachiwiri wogwira mbali ina ya tepi.
- Lita imodzi ya penti wa mtundu umene mukufuna kugula, ngati khoma lanu lakunja ndi lokhakhala.

## 1. Yesani makoma a mkati

Pa chipinda chilichonse yesani mulitali ndi mulifupi, phatikizani mbali zonse zinayi kuti mupeze kuzungulira kwake, kenako chulukitsani ndi kutalika kwa khoma kuchokera pansi kufika pa siling'i. Lembaninso kukula kwa pansi pa chipindacho, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, chifukwa nambala imeneyo ndi imenenso ili kukula kwa siling'i, ndipo simudzavutikanso kukwera mmwamba ndi tepi.

M'nyumba yathu ya chitsanzo, pabalaza ndi mamita 5 kwa 4, ndipo kuzungulira kwake ndi mamita 18. Chipinda chachikulu chogona ndi 4 kwa 3.5, kuzungulira 15. Zipinda ziwiri za ana ndi 3.5 kwa 3 chilichonse, zonse pamodzi 26. Khitchini ya 3 kwa 3 ikupereka 12, bafa ndi chimbudzi za 3 kwa 2 zikupereka 10, kolido ya 6 kwa 1.2 ikupereka 14.4, ndipo kasitolo ka 2 kwa 1.5 kakupereka 7. Zonsezi zikaphatikizidwa ndi mamita 102.4, ndipo popeza makoma ndi otalika mamita 2.7, tikupeza masikweya mita 276. Siling'i yonse ikukwana masikweya mita 80.

Tsopano chotserani malo amene sapakidwa penti wa khoma. Chitseko chimodzi muziwerenga masikweya mita 2. Nyumbayi ili ndi zitseko ziwiri zotulukira kunja, zomwe zikuchotsa 4, ndi zitseko zisanu ndi chimodzi zamkati, zomwe zikuchotsa 24. Mawindo asanu ndi limodzi aakulu a 1.5 kwa 1.2 ndi awiri aang'ono a 0.6 kwa 0.6 akukwana pafupifupi 11.5. Matailosi a ku bafa ndi a pamwamba pa sinki ya ku khitchini ndi 16. Zochotsera zonse ndi pafupifupi 56, ndipo khoma lopentedwa mkati latsala masikweya mita 220.

Chenjezo: chitseko chamkati chimachotsedwa kawiri, chifukwa chimaboola khoma la zipinda ziwiri, pamene chitseko chotulukira kunja chimachotsedwa kamodzi mkati ndi kamodzi kunja. Musaiwalenso kolido, ndi yopapatiza, koma m'chitsanzo chathu makoma ake ndi aakulu kuposa a khitchini. Ngati makabati omangidwira kukhoma atseka mbali yonse ya chipinda, mbali imeneyo ichotseninso.

## 2. Yesani makoma a kunja

Kuzungulira kwa nyumba ya 12 kwa 8 ndi mamita 40. Kunja khoma limakhala lalitali kuposa mkati, chifukwa limayambira pamaziko ndipo limafika pansi pa malata, choncho m'chitsanzo chathu ndi mamita 3, zomwe zikupereka masikweya mita 120. Nyumba ya denga lotsikira mbali ziwiri ili ndi magebulo awiri, nsonga zija za khoma zokhala ndi ngodya zitatu. Gebulo imayesedwa pochulukitsa mulifupi mwa nyumba ndi kutalika kwa nsongayo, kenako nkugawa pawiri: 8 kuchulukitsa ndi 1.5, kugawa ndi 2, ndi masikweya mita 6, ndipo awiriwo ndi 12. Pa 132 amene tapeza tichotse 15 a zitseko ndi mawindo, ndipo tatsala ndi masikweya mita 117.

Chenjezo: malo ambiri a mu Blantyre ndi otsetsereka, ndipo nyumba za m'mbali mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru nthawi zambiri zimakhala ndi maziko aatali kumbali yakumunsi. Khoma lomwe kumtunda ndi mamita 3 likhoza kupitirira mamita 4 kumunsi. Pa nyumba yotere yesani mbali iliyonse payokha, ndipo pambali yopendekera yesani kutalika kumakona onse awiri, muphatikize, mugawe pawiri. Mpanda, khonde ndi nsanamira zake zilembedwe pa mzere wawo, chifukwa mpanda wa njerwa wozungulira puloti kawirikawiri umamwa penti wochuluka kuposa nyumba yomwe.

Ngati mukufuna lamba wa mtundu wakuda kapena wofiirira m'munsi mwa khoma, wobisa dothi lofiira lomwe mvula imathovukitsira pakhoma, muwerengereni padera. Lamba wa masentimita 60 kuzungulira mamita 40 ndi masikweya mita 24, choncho mtundu waukulu wa kunja watsala ndi 93.

## 3. Fufuzani mmene khoma lilili

Sitepe iyi ndi imene imasintha masamu onse, ndipo ndi imenenso ambiri amadumpha. Yendani mozungulira nyumba, mukusisita khoma ndi chikhatho. Chikhatho chikabwera ndi fumbi loyera ngati la choko, penti wakale wafumbwa ndi dzuwa, ndipo penti watsopano sadzagwira pamenepo popanda kutsuka khomalo ndi kupaka pulaima, penti woyamba wothandiza kuti wapamwamba agwire. Zimenezi zimawoneka kwambiri pamakoma oyang'ana kumpoto ndi kumadzulo. Khoma loyang'ana kummwera lili ndi vuto lina: m'miyezi yozizira silimalandira dzuwa, ndipo chiperoni chikabwera limakhala lonyowa masiku angapo, nchifukwa chake ndere zobiriwira ndi zakuda zimakonda kumera kumeneko. Ndere zimatsukidwa ndi madzi osakaniza ndi mankhwala a kolorini oyeretsera zovala, gawo limodzi la mankhwala pa magawo anayi a madzi, kenako khoma litsukuluzidwe ndi kuuma.

Lowetsani sikirepa pamene penti watukumuka. Akamasendeka m'zidutswa zazikulu nkusiya pulasitala wambee, yesani malo amenewo ndi tepi, chifukwa onsewo afuna pulaima. Ngati pansi pa pentiyo mukupeza laimu, wofewa komanso wosungunuka akanyowa, khoma lonselo liyenera kupalidwa, ndipo liwerengedwe ngati khoma latsopano.

Ku khitchini, ku bafa ndi m'kolido, nyowetsani kansalu ndi sipiriti mupukute kagawo kakang'ono. Penti wamadzi amafewa nkutsalira pakansalu, pamene penti wamafuta sasunthika. Izi nzofunika kuzidziwa, chifukwa penti wamadzi wopakidwa mwachindunji pa penti wamafuta wonyezimira amasendeka ngakhale ndi chikhadabo; khoma lotere lifunika kukwechedwa ndi sandipepa ndi kupakidwa kaye andakoti, penti wapansi amene penti womaliza amagwirapo.

M'nyumba yathu tiyerekeze kuti khoma lalitali lakummwera, masikweya mita 36, lasendeka lonse, ndipo zigamba zina zomatidwa ndi simenti zikufikitsa malo ofuna pulaima pa masikweya mita 40.

Chenjezo: penti akamatukumuka m'munsi mwa khoma, mkati ndi kunja komwe, ndipo pakutuluka mchere woyera, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera pansi kapena paipi yaboola m'khoma. Pamenepo musawerengere penti gwero la madzilo lisanakonzedwe. Pulasitala watsopano nayenso amafuna pafupifupi masabata anayi kuti aume asanapentedwe.

## 4. Sankhani kafalikidwe ka lita imodzi

Pa chitini kapena ndowa iliyonse pamalembedwa masikweya mita amene lita imodzi imapaka. Nambala imeneyo ndi ya kupaka kamodzi, pa khoma losalala komanso losamwa, ndipo makoma athu ambiri sali choncho. Powerengera ndimatsitsa nambalayo motere: pa khoma lamkati losalala lomwe linapentedwapo, masikweya mita 8 pa lita, pa pulasitala wakunja amene waona dzuwa ndi mvula, 6, pa rafukasiti, pulasitala wokhakhala uja wowazidwa, pakati pa 3 ndi 4, ndipo penti wamafuta pa matabwa ndi zitsulo, 10. Ngati chitini chikunena nambala yotsika kuposa izi, tsatirani ya pachitini.

Pa rafukasiti ndi pa njerwa zosapaka pulasitala ndi bwino kuyesa m'malo mongoganizira. Gulani lita imodzi, ipakeni pakhoma lenilenilo ndi rola imene idzagwire ntchitoyo, osathira madzi owonjezera, ndipo ikatha yesani malo amene yapaka. Koti yoyamba ndi imene imamwa kwambiri, choncho nambala imene mwapezayo idzakusiyirani kampata pa koti yachiwiri. Mtengo wa lita imodzi ndi wochepa poyerekeza ndi kulakwitsa ndi ndowa yathunthu.

## 5. Werengerani penti wamadzi

Masamu ake ndi awa:

```
malita = masikweya mita × makoti ÷ kafalikidwe ka lita imodzi
```

Pa yankho limene mwapeza onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi, la penti wotsalira mu rola ndi mu thireyi, wodontha, ndi wodzakonzera pamene mipando yakanda pobwezeretsa katundu. Kawirikawiri makoti akhale awiri. Koti imodzi imakwana pokhapokha mukubwereza mtundu womwewo pa khoma loyera bwino, ndipo ngati mukuchoka ku mtundu wodera kupita ku wowala, monga kuchotsa buluu nkuika kirimu, werengerani makoti atatu.

Mkati: 220 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 8, ndi malita 55, ndipo ndi chowonjezera chija ndi pafupifupi 60, kutanthauza ndowa zitatu za malita 20 ngati mtundu ndi umodzi nyumba yonse. Siling'i: 80 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 8, ndi malita 20, ndipo ndi chowonjezera ndi 22, gulani ndowa imodzi ndi chitini cha malita 5 cha penti woyera, amene pandowa pake pamalembedwa kuti PVA. Ngati pa siling'i pali mabanga achikasu a denga lodontha, penti wamadzi sangawabise ngakhale mutapaka kanayi, chifukwa banga limatulukiranso penti akauma. Malo amenewo ayambe apakidwa andakoti wamafuta, malata atakonzedwa kale.

Kunja: 93 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 6, ndi malita 31, ndipo ndi chowonjezera ndi 34. Apa mukhoza kugula ndowa imodzi ndi zitini zitatu za malita 5, koma funsani mtengo kaye, chifukwa kawirikawiri zitini zitatu zimayandikira mtengo wa ndowa yachiwiri, ndipo zikatero ndowa ziwiri ndiye zanzeru. Lamba wa m'munsi: 24 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 6, ndi malita 8, choncho zitini ziwiri za malita 5. Pulaima amapakidwa kamodzi: 40 kugawa ndi 8 ndi malita 5, ndipo popeza pulasitala wambee amamwa, khalani okonzeka kuwonjezera lita imodzi kapena awiri.

Nyumba yomweyi ikanakhala ya rafukasiti, masikweya mita 117 akanafuna malita pafupifupi 59 pa kafalikidwe ka 4, kapena 78 pa kafalikidwe ka 3, m'malo mwa 39. Kukula kwa nyumba sikunasinthe, koma penti wakunja wakwera ndi theka, kapenanso wawirikiza.

Chenjezo: chipinda chilichonse chikakhala ndi mtundu wake, werengerani mtundu uliwonse paokha, ndipo yembekezerani kugula wochulukirapo. Chipinda cha 3.5 kwa 3 chili ndi khoma la masikweya mita pafupifupi 31, lomwe likufuna malita 8, ndipo popeza zitini ndi za malita 5, mudzagula 10. Penti wakunja akhale wopangidwira kunja. Penti wotchipa wamkati akapakidwa kunja amasuluka ndi dzinja limodzi kapena awiri.

## 6. Werengerani penti wamafuta

Chitseko chimodzi, mbali zonse ziwiri pamodzi ndi felemu yake, muziwerenga masikweya mita 4, choncho zitseko zisanu ndi zitatu ndi 32. Mawindo a felemu yachitsulo ndi ovuta kuyeza chitsulo ndi chitsulo, ndiye njira yapafupi ndi kutenga kukula kwa windo lonse ngati kuti galasi nalonso likupentedwa, nkuwirikiza kawiri ngati windolo lili ndi zitsulo zotchingira akuba. Mawindo athu a 11.5 akupereka 23. Matabwa a m'mphepete mwa denga, pafupifupi mamita 45 kuchulukitsa ndi 0.3, ndi 14, ndipo mzere wa m'munsi mwa makoma amkati, mamita pafupifupi 90 kuchulukitsa ndi 0.1, ndi 9. Zonse pamodzi ndi masikweya mita 78.

Andakoti kamodzi ponseponse ndi malita 8, choncho zitini ziwiri za malita 5. Gulosi, penti wamafuta wonyezimira uja, kamodzi ponseponse ndi malita 8, ndipo mawindo ndi matabwa a denga, omwe amaombedwa ndi dzuwa ndi mvula, alandire koti yachiwiri ya malita 4. Zonse ndi 12, choncho zitini zitatu. Onjezerani lita imodzi ya pulaima wofiira wa zitsulo wopaka pamene dzimbiri lakwechedwa, ndi malita 5 a tapentaini otsukira maburashi.

Chenjezo: gogodani matabwa a denga ndi chogwirira cha sikirepa musanawawerengere. Thabwa lomwe likumveka lamphako kapena likubooka ndi msomali ladyedwa ndi chiswe kapena lavunda, ndipo likufunika kalipentala, osati penti.

## 7. Werengerani marola, maburashi ndi zokonzera khoma

Zipangizo zimawerengedwa potengera chiwerengero cha amisiri ndi mitundu ya penti, osati kukula kwa nyumba. Mmisiri aliyense akhale ndi rola yakeyake ya mainchesi 9 ndi thireyi yake, chifukwa amisiri awiri obwerekana rola imodzi amagwira ntchito ya munthu mmodzi. Pa amisiri awiri gulani zogwirira ziwiri, masiketi ovekedwa pa rola atatu a ubweya waufupi, awiri a makoma amkati ndi imodzi ya siling'i yokha kuti mtundu usadetse kuyera kwake, ndi masiketi awiri a ubweya wautali a kunja. Rafukasiti amadya ubweya wa rola msanga, choncho pa khoma lotero gulani anayi.

Maburashi a penti wamadzi ndi a penti wamafuta asamasakanizidwe. Mufunika awiri a mainchesi 4 a m'makona ndi pansi pa denga pamene rola sifika, anayi a mainchesi 2, awiri odulira mizere ya penti wamadzi ndi awiri a zitseko, komanso awiri a inchi imodzi a zitsulo za m'mawindo. Pogula, kokani ubweya wa burashi ndi zala. Ikathothoka m'sitolo momwemo, idzasiya ubweya pachitseko chanu chonse. Pa gulosi makamaka, burashi yabwino imodzi imaposa zotchipa zitatu.

Zina ndi masikirepa awiri, burashi yawaya imodzi, mapepala a sandipepa pafupifupi makumi awiri, theka la nambala 80 ndi theka la nambala 120, fila wa makilogalamu 5 womatira ming'alu yaing'ono, matepi omata asanu otetezera magalasi ndi masoketi, ndodo yotalikitsira rola, ndi mapepala apulasitiki oyala pansi. Ming'alu yolowa chala imatidwe ndi simenti ndi mchenga, osati fila. Sungani mgolo wodzaza madzi, chifukwa tsiku lomwe m'mipopi mwauma, rola yosatsukidwa imauma ndi penti nkutayidwa. Mugwirizanenso ndi mmisiri kuti makwerero ndi zipangizozi abweretsa ndani, popeza ena amabwera nazo ndipo ena amabwera chimanjamanja.

## 8. Werengerani masiku a amisiri

Apa muwerengera masiku amene munthu mmodzi angagwire ntchito yonse, kenako mugawe ndi chiwerengero cha amisiri. Mmisiri wozolowera, wogwiritsa ntchito rola komanso wodula yekha mizere, ndimamuwerengera masikweya mita 80 pa tsiku mkati, koti imodzi, ndi 60 pa siling'i ndi kunja, chifukwa cha kukwera, kutsika ndi kusuntha makwerero.

Mkati, makoti awiri pa 220 ndi 440, kugawa ndi 80, ndi masiku asanu ndi theka. Siling'i, 160 kugawa ndi 60, ndi pafupifupi masiku atatu. Kunja, makoti awiri pa 117 kuphatikiza pulaima wa 40 ndi 274, kugawa ndi 60, ndi masiku anayi ndi theka.

Masiku a penti wamafuta sawerengedwa ndi masikweya mita, amawerengedwa ndi zinthu zopentedwa. Zitseko zisanu ndi zitatu, makoti awiri, pa zitseko zisanu pa tsiku, ndi masiku atatu. Mawindo asanu ndi atatu, makoti atatu, pa mawindo asanu ndi limodzi pa tsiku, ndi masiku anayi, chifukwa chitsulo chilichonse chimazungulidwa ndi kaburashi ka inchi imodzi. Matabwa a denga ndi masiku awiri, ndipo mzere wa m'munsi ndi tsiku limodzi. Zonse ndi masiku 10. Onani kuti masikweya mita 78 okha a penti wamafuta atenga nthawi yoyandikira ya makoma onse ndi siling'i, zomwe zatenga masiku 13, ndipo ndi apa pamene mwini nyumba ndi mmisiri amakonda kusemphana, wina akuona ngati mnzake akuzengereza.

Kupenta konse ndi masiku 23. Kukonza khoma, kutanthauza kupala, kutsuka, kumata, kukwecha ndi kusuntha katundu, kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi imeneyi, masiku 8, ndipo pa nyumba ya laimu kapena yosendeka ponseponse kumafika theka. Masiku 31 a munthu mmodzi akagawidwa kwa amisiri awiri ndi masiku 16, omwe ndi pafupifupi masabata atatu ogwira Lolemba mpaka Loweruka. Wothandiza mmodzi wopala, wotsuka zipangizo ndi wogwira makwerero akhoza kudulapo masiku awiri kapena atatu.

Kuchulukitsa amisiri sikufupikitsa nthawi youmira. Penti wamadzi amalola koti yachiwiri pakatha maola awiri mpaka anayi, koma wamafuta amafuna usiku wonse, maola 16 kapena kuposerapo, choncho windo la makoti atatu silingathe pasanathe masiku atatu. Ntchito ya kunja muiike pakati pa Meyi ndi Okutobala, mvula isanayambe mu Novembala. Mu Juni ndi Julayi siyani masiku awiri kapena atatu a chiperoni, pamene amisiri angagwire za mkati zokha, ndipo mu Okutobala azipenta mbali imene ili mumthunzi, chifukwa pa khoma lotentha penti amauma asanagwire ndipo amasiya mizere.

Mitengo sindiilemba pano chifukwa imasintha msanga. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotesheni ya miyezi ingapo yapitayo siikhalanso yodalirika. Chofunika ndi kufunsa amisiri awiri kapena atatu mtengo wa ntchito yonse, nkuugawa ndi masiku 31 aja kuti muone chimene munthu mmodzi akulandira pa tsiku. Mtengo ukatsika kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti kukonza khoma sikunawerengeredwe, kapena mmisiri akuganiza za koti imodzi. Mufunseni molunjika kuti, "Bambo, pamtengo umenewu kupala ndi kumata kuli momwemo, nanga makoti ndi angati?" Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo malipiro agawidwe potsata magawo a ntchito: kukonza khoma kukatha, mkati mukatha, kunja kukatha, ndi kotsiriza zitseko ndi mawindo zikatha.

## 9. Gulani m'magawo, yang'anirani kamwedwe

Penti woyera ndi mitundu yopezekeratu m'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni mukhoza kugula magawo awiri mwa atatu poyamba. Koti yoyamba ikatha, yang'anani wotsala. Ngati masamu anati malita 55 pa makoti awiri, koti yoyamba iyenera kudya pafupifupi 30. Ikadya 40, khoma likumwa kuposa mmene munaganizira, ndipo muwonjezere nthawi ikadalipo. Ikadya 18 okha, penti wathiridwa madzi ambiri, ndipo mtundu wakale udzaonekera pansi pake.

Mtundu wochita kusakanizidwa m'sitolo ugulidwe wonse tsiku limodzi, chifukwa wosakanizidwa tsiku lina umasiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pakati pa khoma. Ndowa ikatsala pang'ono kutha, thiranimo penti wa ndowa yotsatira musakanize, kuti mtundu usasinthe mwadzidzidzi.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kuthira madzi ambiri pofuna kuti ndowa ifike patali. Ngati pandowa sipananene zina, madzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo athiridwe pa koti yoyamba yokha. Penti wosukuluka amaoneka bwino akadali wonyowa, koma akauma khoma limakhala la mawangamawanga, ndipo koti yachitatu imene mudzakakamizike kupaka idzadya malita amene mumafuna kupulumutsa, kuphatikizapo masiku ena a amisiri.

Ena amatenga masikweya mita a pa pulani ya nyumba nkuwagawa ndi nambala ya pachitini. Nambala ya pa pulani ndi ya pansi, osati ya makoma. M'chitsanzo chathu pansi ndi 80, pamene makoma amkati okha ndi 220.

Palinso kugwiritsa ntchito penti weniweni m'malo mwa pulaima pa pulasitala wambee. Khoma limamwa koti yoyamba yonse, ndipo zigamba za simenti zimaonekerabe ngati zilumba zakuda ngakhale koti yachiwiri itapakidwa.

Kukwecha penti wakale wamafuta ali wouma, ana ali m'nyumba, nkoopsa, chifukwa penti wina wakale, makamaka wa m'nyumba zakalekale, amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limavulaza ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Nyowetsani malowo pokwecha, wokwechayo avale chotchinga pamphuno, ndipo fumbi likolopedwe, lisasesedwe.

Kusintha maganizo pa mtundu koti yoyamba itapakidwa kale kumabwezera masamu onse kumbuyo. Pakani kagawo ka sikweya mita imodzi, muuone m'mawa ndi madzulo utauma, musanalamule ndowa zonse. Penti wotsala musamusiye m'ndowa yaikulu momwe mpweya uli wambiri. Muthireni m'chitini chaching'ono chotsekeka bwino, mulembepo dzina la mtundu ndi chipinda chimene anapakidwa, ndipo chitinicho chisungidwe pamalo osafika dzuwa.